Simbi pambali pa makina: mmene telala amaumbira chovala ndi moto

Atelala awiri angathe kugula chitenje chofanana pamsika wa Limbe, n'kudula bulauzi pa miyezo ya mayi mmodzi, n'kusokera pa makina a Singer amtundu umodzi, koma zovala zawo n'kutuluka zosiyana. Ya mmodzi imakhala pathupi bwinobwino, misoko yake ili see, pachifuwa pozungulira mosalala. Ya winayo imatupa m'misoko, kolala imadzuka mbali imodzi, ndipo pachifuwa pamaoneka kansonga kosongoka kamene mwini wake amangokhalira kukakanikiza ndi chala. Wogula amafulumira kunena kuti wachiwiriyu sadziwa kusoka. Kawirikawiri ulusi wake umakhala utayenda bwino lomwe. Kusiyana kwagona pa nthawi imene aliyense anagwira simbi. Woyambayo amasita msoko uliwonse akangoutulutsa pamakina, pamene mnzakeyo anadikira kuti chovala chonse chithe, n'kuchisita kamodzi mwini wake ataima kale pakhonde.

Kusita kotsiriza kumachotsa makwinya basi. Kusita kwa pakati pa ntchito kumapatsa chovala maonekedwe ake, ndipo msoko ukangodutsidwa ndi msoko wina, kapena ukaphimbidwa ndi layiningi, mpata woukonza ndi simbi umakhala watha. N'chifukwa chake amisiri ophunzira bwino amasunga lamulo lakuti msoko usakumane ndi unzake usanasitidwe.

Kudinda, osati kukwekwesa

Dzanja limene linazolowera kusita malaya ochapa limayendetsa simbi uku ndi uku. Pa nsalu yodulidwa imene sinathe kusokedwa, kuyendetsa kotereku kumawononga. Nsalu yolukidwa ili ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina woyenda m'lifupi, ndipo mbali ziwirizi sizitamuka kwenikweni. Koma ikakokedwa chopendekera, kuchokera pangodya kupita pangodya ina, imatamuka mosavuta. Khosi la bulauzi, pobowola mkono ndi mphepete mwa siketi yotambalala zonse zimadulidwa modutsa chopendekerachi. Simbi yotentha ikakwekwesedwa pamenepo, khosi limakula ndipo silibwereranso. Kolala imene inadulidwa molingana ndi khosilo imapezeka yaifupi, telala n'kumadabwa kuti sentimita yoonjezerayo yachokera kuti.

Choncho posoka simbi imatsitsidwa pamalo amodzi, kutsindikidwa kwa masekondi ochepa, kunyamulidwa, n'kutsitsidwanso patsogolo pake.

Msoko wowongoka umasitidwa kawiri. Poyamba umadindidwa uli chitsekere, monga watulukira pamakina, kuti ulusi ulowe m'nsalu ndipo timakwinya tobwera ndi kukoka kwa makina tigone. Kenaka milomo iwiri ya nsalu yotsala m'mphepete mwa msoko, imene nthawi zambiri imakhala sentimita imodzi ndi theka, imatsegulidwa ndi chala n'kudindidwa ndi nsonga ya simbi, ntchito yonseyi ikuchitikira kuseri kwa nsalu. Wina akadumpha gawo loyamba, msoko umatseguka ndithu, koma kumaso kwake kumatsala kamzere kokhala ngati kakunjenjemera.

Chimene chimachitika mkati mwa ulusi n'chosavuta kumva. Thonje ndi ubweya wa nkhosa zimamwa madzi. Chinyezi ndi kutentha zikalowa, timaulusi ting'onoting'ono timamasuka n'kulola kupindidwa, ndipo tikauma ndi kuzizira timagwirananso m'malo atsopanowo. Nsalu ikanyamulidwa ikadali yotentha ndi yonyowa, imatenga maonekedwe a mmene yalendewerera m'dzanja. Atelala a masuti amakhala ndi kathabwa kosalala ka mtengo wolimba kamene amakanikiza pamsoko simbi ikangochoka. Thabwalo limasunga msoko uli chigonere mpaka nthunzi ithe ndipo pazizire. Mzere wakuthwa wa buluku la suti umachokera pa kudikira kumeneku kuposa pa ukali wa moto.

Madontho atatu ndi makala

Zovala za kaunjika zambiri zimabwera ndi kalebulo mkati kamene kali ndi chithunzi cha simbi yokhala ndi timadontho, ndipo timadontho tomweto tili pa batani lozungulira la simbi yamagetsi. Dontho limodzi ndi moto wochepa, pafupifupi madigiri 110, woyenera nayiloni ndi akiriliki. Madontho awiri ndi pafupifupi madigiri 150, a ubweya, silika ndi poliyesita. Madontho atatu ndi pafupifupi madigiri 200, a thonje ndi lineni. Chithunzi cha simbi chikakhala chothethedwa, nsaluyo siyenera kusitidwa konse.

Kupyola malire kumaonekera mosiyana. Thonje limayamba kuchita chikasu, kenaka bulawuni, ndipo limanunkha ngati pepala lopsa, motero limachenjeza lisanabooke. Poliyesita ndi nayiloni ndi pulasitiki yopotedwa kukhala ulusi, ndiye sizichenjeza. Zimayamba kufewa, pamwamba pake n'kuphwatalala n'kumanyezimira, ndipo moto ukapitirira zimakwinyika n'kumatirira kunsi kwa simbi. Malo amene anyezimira chifukwa chosungunuka sabwerera, ngakhale chovala chichapidwe kangati.

Vuto la telala n'lakuti nsalu ya pa mpukutu kapena chitenje cha pamsika sichibwera ndi lebulo. Zitenje zina ndi za thonje lokhalokha, zina n'zosakaniza, ndipo zambiri zotchipa ndi poliyesita yodindidwa maluwa okongola ngati a thonje. Njira yakale yodziwira ndiyo kuyatsa kachidutswa kakang'ono ndi machesi, kutali ndi nsalu zina. Thonje limayaka ndithu n'kusiya phulusa lofewa lotuwa. Poliyesita imathawa moto, imasungunuka n'kusiya kamkanda kolimba kakuda. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo chotsala chake chimafumbutuka pakati pa zala. Nsalu yosakaniza imasitidwa pa moto wa ulusi wosalimba pa ziwirizo.

Bulauzi imodzi ya chitenje ingathe kufuna moto wa mitundu itatu. Kunja kwake ndi thonje lopirira madontho atatu, layiningi yake kawirikawiri ndi poliyesita yopyapyala, ndipo zipi ili ndi mano a nayiloni amene amapindika akakhudzidwa ndi simbi yoyaka kwambiri. Telala wosamala amasita zidutswa za thonje pazokha, za layiningi pazokha, ndipo akaziphatikiza amatsitsa moto.

Simbi yamagetsi, imene Henry W. Seely wa ku New York analembetsa m'chaka cha 1882, masiku ano imadzizimitsa yokha ikafika pa moto umene wasankhidwa. Ya makala, imene atelala ambiri a m'makonde ndi m'misika ya kumidzi amadalira, ndiponso imene ena a m'tauni amatulutsa magetsi akazima, ilibe batani. Kulavulira pachala n'kukhudza kunsi kwake kumangouza munthu kuti yapyola moto wowiritsa madzi, koma sikusiyanitsa madigiri 150 ndi 200, pamene kusiyana kumeneku n'kumene kumapulumutsa kapena kupha layiningi. Choyesera chodalirika ndi kachidutswa kotsala ka nsalu yomwe ikusokedwayo. Simbi imadindidwa pamenepo kwa masekondi asanu kapena khumi, kachidutswako n'kukapendeka powala kuona ngati kasintha mtundu, kanyezimira kapena kafupika.

Ndondomeko ya ntchito imasiyananso. Simbi yamagetsi imatentha msanga koma imachedwa kuzizira, ndiye ndi bwino kuyamba ndi nsalu za moto wochepa n'kumakwera. Ya makala ikakupizidwa makala n'kuyaka bwino imakhala pa ukali wake, kenaka imatsika pang'onopang'ono, motero thonje limatsogola, poliyesita n'kubwera moto utagwa. Phulusa ndi tinthethe totuluka m'mabowo a m'mbali ndi ngozi ina: kanthethe kamodzi kamasiya bowo pa nsalu yaukwati. Kuuzira phulusa panja ndi kupukuta kunsi kwa simbi pa chisanza isanafike pa chovala ndi mbali ya ntchitoyo.

Kansalu ka pakati

Buluku lakuda la suti kapena siketi ya yunifolomu yabuluu yoderako ikasitidwa kumaso mwachindunji, pamwamba pa misoko ndi pa matumba pamatuluka mizere yonyezimira. Pamenepo nsalu yaunjikana kawiri kapena katatu, ndiye kulemera konse kwa simbi kumagwera pamalo okwerawo n'kuphwatalitsa timaubweya ta pamwamba. Malo ophwatalala amabweza kuwala, ndipo pa nsalu yakuda diso limaona msanga.

Mankhwala ake ndi kansalu koyala pakati pa simbi ndi chovala. Kachidutswa ka thonje loyera, kochapidwa kale kuti kasakhale ndi sitachi kapena utoto, kakukula ngati mpango wa m'thumba waukulu, kamakwanira. Sikayenera kukhala ndi msoko kapena mpendero wokhuthala, chifukwa zimenezi zimadindika pa chovala. Chitenje chakale chamaluwa sichiyenera ntchitoyi, popeza utoto wake ungathe kusamukira pa nsalu yoyera nthunzi ikadutsa. Osoka zovala zapamwamba amakonda oganza ya silika, nsalu yopyapyala yoonekera mkati koma yopirira moto, chifukwa amaona chimene akusita. Oganza yambiri ya m'masitolo a nsalu zaukwati ndi ya poliyesita kapena nayiloni, ndipo imeneyo imasungunuka.

Kansaluka kamagwira ntchito kouma kapena konyowa. Kouma kamangotchinjiriza. Konyowa, kofinyidwa mpaka kosadontha, kamapereka nthunzi, ndipo kwa mwini simbi ya makala ndi njira yabwino koposa yopezera nthunzi yogawika mofanana. Kuwaza madzi ndi zala kumathandiza pa thonje, koma pa silika ndi satini madontho amasiya mawanga. Pa ubweya nthunzi ndi yofunika kwambiri: suti ya ubweya yonyezimira pang'ono chifukwa cha simbi kawirikawiri imachira ikaphimbidwa ndi kansalu konyowa, simbi n'kuyandikizidwa osatsindika, kenaka n'kupesedwa ndi burashi yofewa.

Pali ntchito ina imene kansaluka sikayenera kusowa, yomata nsalu yolimbitsira kolala ndi lamba wa siketi. Nsalu imeneyi ili ndi timadontho ta guluu mbali imodzi, ndipo mbali yokhakhalayo ndi imene imayang'ana kuseri kwa chovala. Simbi ya moto wapakati imadindidwa pamalo amodzi kwa masekondi 10 mpaka 15, n'kusamukira pena molowana pang'ono ndi poyamba, ndipo chidutswacho chimasiyidwa chizizire chisanasunthidwe. Wofulumira amaona ngati zamatana, koma chovala chikachapidwa koyamba kolala imatuluka matuza. Wotembenuza mbali molakwika amapeza guluu yense kunsi kwa simbi, pokhapokha ngati kansalu ka pakati kanalipo kuti kamulandire.

Milomo ya msoko ikamadindika n'kuonekera kumaso, monga zimachitikira pa satini, timapepala ta khaki tolowetsedwa pansi pa milomoyo timathetsa vutolo. Mapini a mitu ya pulasitiki amachotsedwa simbi isanafike, ndipo mizere ya choko kapena bolopeni imafufutidwa kaye, chifukwa moto umakhazikitsa zolemba zina m'nsalu.

Chifukwa chake thebulo silikwanira

Munthu akayesa kukuta dzungu ndi pepala la nyuzi, pepalalo limakana kugona mpaka litapindidwa m'malo angapo. Nsalu ndi thupi la munthu zili chimodzimodzi. Mayi wa masentimita 96 pachifuwa ndi 76 m'chiuno ali ndi kusiyana kwa masentimita 20 kumene telala ayenera kuchotsa penapake kuti bulauzi igwire thupi. Gawo lina limachoka m'misoko ya m'mbali, lina limachoka m'madati, timapindo tosokedwa totambalala kumodzi n'kumachepa mpaka kuthera pa nsonga. Dati ikangosokedwa, chidutswa cha nsalu chimene chinali chafulati chimatukuka n'kukhala ndi mimba, ndipo sichingagonenso chonse pa thebulo.

Apa ndi pamene ambiri amawonongera ntchito yabwino. Chidutswa chotukukacho chikayalidwa pa thebulo n'kutsindikidwa ndi simbi, nsalu yochulukayo imasowa kopita. Mwina imapindika n'kusiya khwinya lakuthwa pambali pa nsonga ya dati, mwina imaphwanyidwa n'kutamuka mpaka mimba imene telala anavutikira kusoka itachepa. Chovala chikavalidwa, pachifuwa pamaoneka kathumba kopanda kanthu kapena kadzenje.

Chida chothetsa vutoli ndi hamu, mtsamiro waung'ono wolimba kwambiri, wozungulira mbali zonse, wotambalala kumodzi ndi wowonda kwinako. Utali wake ndi pafupifupi masentimita 25. Popeza ukulu wake umasintha kuchokera kumodzi kufika kwina, pa hamu imodzi pamapezeka malo otukuka pang'ono ofanana ndi thako kapena msana, ndi malo opindika kwambiri ofanana ndi bere kapena phewa. Ntchito ya telala ndi kutembenuza hamu mpaka atapeza malo pamene chidutswa chake chikugona chokha popanda khwinya ndi popanda kukokedwa.

Ikapezeka mbali imeneyo, zinthu ziwiri zimachitika. Nsalu yonse yozungulira dati imakhala ndi chochirikiza pansi, ndiye nthunzi ikaifewetsa imauma ili yotukuka monga idzakhalire pathupi. Chachiwiri, kunsi kwa simbi n'kwafulati pamene hamu ndi yozungulira, motero zimakhudzana pamalo ochepa okha. Simbi imagwira msoko umene ukufunika, nsalu ya m'mbali n'kupendekera pansi kutali ndi moto.

Dati ya pachifuwa, kuyambira pamakina

Pa bulauzi ya mayi uja, dati yochokera m'mbali imalunjika pa nsonga ya bere koma imathera masentimita awiri kapena awiri ndi theka isanafikepo. Ikafika pa nsonga penipeni, chovala chimasongoka. Telala amasoka kuchokera kotambalala, ndipo mapitidwe atatu kapena anayi otsiriza a singano amayenda m'mphepete penipeni mwa mpindo mpaka kugwera kunja. Sabweza makina m'mbuyo pansongapo, chifukwa ulusi wounjikana umapanga kamfundo kamene simbi singakagoneke. Amasiya ulusi wautali n'kuumanga ndi manja.

Kusita koyamba kumachitikira pa thebulo, dati ili yopindika monga yasokedwera. Simbi imadinda mzere wa ulusi kuchokera kotambalala n'kuima pang'ono isanafike pa nsonga, kuti isapitirize mzere wa mpindo pa nsalu ya kutsogolo kwa nsongayo. Mzere woterowo pa thonje umavuta kufufuta.

Kenaka chidutswacho chimatambasulidwa n'kuvekedwa pa hamu, kuseri kuli pamwamba, nsonga ya dati ili pamalo otukuka kwambiri. Mpindo wa dati ya pachifuwa umagonekedwa kuloza pansi, kuchiuno, pamene madati oimirira a m'chiuno amagonekedwa kuloza pakati pa chovala, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndi kansalu konyowa pamwamba, simbi imadinda kuyambira kotambalala, ndipo ikafika pa nsonga telala amagwiritsa mphuno ya simbi yokha, kuidinda mozungulira nsongayo pang'onopang'ono. Kudinda kozunguliraku n'kumene kumasandutsa nsonga yosongoka kukhala mimba yosalala. Chidutswacho chimatembenuzidwa, kumaso n'kudindidwa kamodzi kudzera pa kansalu, kenaka chimasiyidwa pa hamu mpaka chizizire.

Poyesa ngati zatheka, chidutswacho chimanyamulidwa pa chikhatho chopindika. Dati yabwino imaoneka ngati mzere umene ukungozimirira m'nsalu, osadziwika bwino pamene wathera. Pakaoneka kadzenje pansonga, kawirikawiri vuto lili pa kasokedwe: singano inatuluka m'mpindo modzidzimutsa m'malo motsetsereka. Pamenepo masentimita atatu otsiriza amasomboledwa n'kusokedwanso. Pa nsalu yokhuthala, monga ya jekete, dati imang'ambidwa pakati mpaka pafupi ndi nsonga n'kutsegulidwa ngati msoko wamba, kuti mbali imodzi isakhuthale katatu.

Hamu yomweyo imagwira pa misoko yokhota yotsika kuchokera paphewa kudutsa pachifuwa, imene madiresi ambiri a zitenje a masiku ano ali nayo. Milomo ya msoko woterewu imayamba yachekedwa timipata kuti mbali yofupika itambasuke ndi yochuluka igone, kenaka imatsegulidwa pa hamu kachigawo kamodzi pa nthawi, hamu ikutembenuzidwa motsatira kukhota kwa msoko.

Pamene nsalu imakana

Mphamvu ya nthunzi imaonekera kwambiri pa mutu wa mkono wa jekete. Mutuwo umadulidwa dala wautali kuposa bowo limene ukalowemo, kawirikawiri ndi masentimita atatu kapena anayi, kuti phewa likhale ndi malo. Telala amasoka mizere iwiri ya ulusi wotalikirana m'mphepete, kuukoka mpaka utali ulingane ndi bowolo, n'kuveka mutuwo kumbali yowonda ya hamu. Nthunzi ikaperekedwa m'mphepetemo, ubweya umafupika ndipo timakwinya timazimirira, mkono n'kukhala wozungulira usanalumikizidwe n'komwe. Atelala a masuti a mumsewu wa Savile Row ku London amaumba chifuwa cha jekete ndi miyendo ya buluku mwa njira yomweyi, kufupikitsa pena ndi kutamula pena.

Thonje limamvera pang'ono chabe, ndipo poliyesita, imene simamwa madzi kwenikweni, simafupika ndi nthunzi ngati ubweya. Masuti ambiri otchipa amasokedwa ndi nsalu ya poliyesita kapena yosakaniza, ndipo telala amene akuyesa kumeza masentimita anayi pa nsalu yotere amangoonjezera moto mpaka phewa litanyezimira, makwinya ali pomwepo. Njira yake ndi kubwerera ku lumo: kuchepetsa mutu wa mkono kuti zochuluka zikhale pafupifupi masentimita awiri.

Hamu siifuna ndalama zambiri. Imasokedwa ndi zidutswa za nsalu yolimba ya thonje mkati, ndipo kunja mbali imodzi imavekedwa thonje lopirira moto waukulu, inayo ubweya, umene umasunga nthunzi ndiponso suphwatalitsa nsalu ya suti. Mkati mumathiridwa utuchi wouma, wosefedwa kuchotsa tizipsepse, wochokera kwa kalipentala koma wa mtengo wosatuluka utomoni kapena utoto, popeza utuchi wofiira wa mitengo ina ungathe kudetsa nsalu ukanyowa. Utuchiwo umasindikizidwa ndi mpini wa chipande pang'onopang'ono mpaka chala chikakanikiza chisalowe. Siponji ndi thonje la m'mapilo sizithandiza chifukwa zimabonyoka pansi pa simbi, nsalu n'kutsala yopanda chochirikiza, pamene utuchi umalimba ndiponso umamwa chinyezi kuti chovala chiume msanga. Pakapita miyezi utuchi umakhazikika ndipo hamu imayamba kufewa, ndiye pakamwa pake pamasomboledwa, n'kuonjezeramo wina. M'nyengo ya dzinja imafunika kuyanikidwa padzuwa kawirikawiri kuti isachite nkhungu.